Phunziro: Mmene thupi limamangidwira, kuyambira pa selo mpaka pa dongosolo la ziwalo

Gwirani dzala ziwiri pamkono, chapafupi ndi chikhatho, mumve kugunda. Kugunda kumeneko kukuchokera kumtima, ndipo mtimawo ndi maselo ochuluka zedi amene akukokana nthawi imodzi. Selo limodzi palokha silingapope magazi ngakhale dontho. Nanga zimatheka bwanji kuti tinthu tosaoneka ndi maso tigwire ntchito yaikulu chonchi? Yankho lili m'mene maselowo amasanjidwira, ndipo masanjidwewo ali ndi magawo anayi: selo, tishu, chiwalo ndi dongosolo la ziwalo. Gawo lililonse limatha kuchita chinthu chimene gawo la pansi pake silingathe.

Selo ndiye kachigawo kakang'ono kwambiri kamene tinganene kuti kali ndi moyo. Limalandira chakudya, limatulutsa zoipa, ndipo ambiri amatha kugawikana n'kukhala awiri. Munthu woyamba kufotokoza za maselo anali Robert Hooke wa ku England, yemwe m'chaka cha 1665 anayang'ana kachidutswa ka khungwa la mtengo pa maikulosikopu n'kuona timabowo tondandalikana. Panapita zaka zambiri, mpaka 1838 ndi 1839, kuti Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann a ku Germany anene poyera kuti zomera ndi nyama zonse n'zopangidwa ndi maselo.

Pali zamoyo zina, monga amiba ndi mabakiteriya, zimene thupi lake lonse ndi selo limodzi lokha. Kudya, kuyenda, kuberekana, zonse limachita lokha. Mwa munthu si choncho. Maselo athu anagawana ntchito, ndipo maonekedwe a selo lililonse amatsata ntchito yake. Selo lofiira la m'magazi n'lozungulira, lopyapyala pakati, ndipo likakhwima lilibe nyukiliyasi, kachigawo kolamulira ntchito za selo, choncho malo ambiri m'kati mwake amadzaza himogulobini yonyamula okosijeni. Limakhala masiku pafupifupi 120 kenako limalowedwa m'malo ndi lina. Selo la minyewa yotumiza mauthenga lili ndi ulusi wautali, moti ena amachoka kumunsi kwa msana mpaka kuphazi, mtunda wa pafupifupi mita imodzi. Selo la mnofu n'lalitali ndipo limatha kufupika. Ku zomera, selo la tsitsi la pamuzu lili ndi kamchira kolowa m'nthaka kuti limwe madzi ambiri.

Maselo ofanana akakhala pamodzi n'kumagwira ntchito imodzi, gululo limatchedwa tishu. Selo limodzi la mnofu likafupika palibe chimene chisuntha, koma masauzande ambiri akafupika pamodzi mkono umapindika. M'thupi la munthu ndi nyama zambiri muli mitundu inayi ikuluikulu ya matishu. Woyamba ndi wokuta, umene umaphimba kunja kwa thupi ndi kuyala m'kati mwa ziwalo monga m'kamwa ndi m'matumbo. Wachiwiri ndi wa minofu, wochititsa kuti zinthu zisunthe. Wachitatu ndi wa minyewa yotumiza mauthenga. Wachinayi ndi wolumikiza ndi kuchirikiza, ndipo uwu ndi umene umasokoneza ophunzira ambiri chifukwa muli zinthu zosafanana m'maonekedwe: fupa, mafuta a m'thupi, ngakhalenso magazi. Inde, magazi ndi tishu. Musanyengedwe poona kuti ndi amadzimadzi. Ndi maselo oyandama m'madzi otchedwa pulazima, ndipo amagwirira ntchito limodzi. Zomera nazo zili ndi matishu ake. Zailemu imakweza madzi ndi michere kuchokera kumizu kupita kumasamba, pomwe fulowemu imanyamula shuga wopangidwa m'masamba kupita naye kumene akufunika.

Tsopano chiwalo. Chiwalo ndi matishu osiyanasiyana amene aphatikizana kuti agwire ntchito inayake. Onetsetsani mawu akuti osiyanasiyana, chifukwa kusiyana kwa tishu ndi chiwalo kwagona pamenepo.

Tiyeni tichione bwino chifu. M'kati mwake mwayalidwa tishu yokuta, ndipo m'menemo muli maselo otulutsa asidi ndi ena otulutsa timadzi togaya chakudya. Asidi ameneyu ndi wamphamvu moti akanatha kuwononga chifu chenichenicho, koma maselo ena a pomwepo amatulutsa chinthu chonanda chimene chimakuta khoma lonse n'kuliteteza. Kuseri kwa tishu imeneyi kuli minofu yosanjikizana, yoyang'ana mbali zosiyana, imene imafinya ndi kutakasa chakudya mpaka chisanduke chamadzimadzi. Minyewa imauza minofuyo nthawi yoyamba ndi yoleka, inu osadziwa n'komwe. Tishu yolumikiza imagwira zonsezi kuti zisamwazike, ndipo mitsempha ya magazi imadutsa m'menemo kukadyetsa maselo. Mitundu yonse inayi ilimo. Mutachotsa minofu, asidi angakhalepo koma chakudya sichingatakasike. Mutachotsa tishu yokuta, chifu chingamafinye chakudya popanda chochigaya.

Mtima, mapapo, chiwindi, impso, ubongo ndi diso ndi ziwalo. Khungu nalonso ndi chiwalo, ndipotu ndi lalikulu kuposa zonse, ngakhale ambiri amaliiwala poti lili kunja. Ku zomera, tsamba, tsinde ndi muzu ndi ziwalo. Tsamba lili ndi tishu yokuta pamwamba ndi pansi, tishu yobiriwira pakati yopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, komanso zailemu ndi fulowemu m'mitsempha yake.

Koma chifu pachokha sichingadyetse thupi. Chimafuna m'kamwa kuti mutafune, kummero kuti kutsitse chakudya, matumbo aang'ono otalika mamita pafupifupi 6 kumene chakudya chogayika chimalowa m'magazi, ndi matumbo aakulu amene amayamwa madzi otsala. Chiwindi chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, ndipo kapamba amathira timadzi take m'matumbo aang'ono. Ziwalo zogwirizana pa ntchito yaikulu imodzi chonchi zimapanga dongosolo la ziwalo, ndipo ili ndi dongosolo logaya chakudya. Ena ndi dongosolo loyendetsa magazi, lomwe ndi mtima, mitsempha ndi magazi, dongosolo lopuma, la mafupa, ndi la ubongo ndi minyewa. Chomera chili ndi awiri: la mizu pansi pa nthaka, ndi la tsinde, masamba ndi maluwa pamwamba. Madongosolo onse akaphatikizana ndiye chamoyo chathunthu.

Musaganize kuti malire ake ndi olimba ngati mizere ya pa chithunzi cha m'buku. Kapamba yemweyo amene amathandiza kugaya chakudya amapanganso insulini yochepetsa shuga m'magazi, choncho ali m'madongosolo awiri. Ndipo vuto likayamba pa selo limakwera magawo onse. Pa matenda a sikoselo, himogulobini imakhala yosiyana pang'ono ndi ya masiku onse, moti maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa. Maselo opindikawo amafa msanga ndipo amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono. Magazi, amene ndi tishu, amalephera kufikitsa okosijeni wokwanira, ziwalo monga impso ndi mafupa zimavutika, ndipo munthu yense amamva ululu ndi kufooka.

Ntchito yanu: tengani mtima muulondole monga tachitira ndi chifu. Lembani selo limodzi lopezeka mumtima, tishu imene selolo limapanga, matishu ena awiri amene mukuganiza kuti mtima sungagwire ntchito popanda iwo, ndi dongosolo limene mtima ulimo. Mukatero, ikani zinthu izi pa gawo lake loyenera ndipo mupereke chifukwa: magazi, tsamba, amiba, khungu, zailemu.