Zooneka mu vidiyo yopanda mawu yosintha yusili ya mjigo wa Afridev

Vidiyoyi ndi ya mphindi 7 ndi masekondi 10, yojambulidwa pa foni, ndipo ilibe mawu chifukwa mphepo inawononga zonse zimene zinalankhulidwa. Talemba zooneka m'menemo kuti mmodzi aziwerenga mokweza pamene komiti ya mjigo ikuonera, komanso kuti amene ali ndi vuto la maso atsatire ntchito yonse. Manambala ali kumayambirirowo ndi nthawi ya pa vidiyo.

0:00. Mjigo ukuoneka wonse, uli pa simenti yozungulira, ngalande yake yalowera kumanja. Pali anthu atatu: makanika wovala ovolosi yabuluu ndi amayi awiri a m'komiti. Mayi mmodzi waika ndowa ya malita 20 pansi pa mpopi ndipo akupopa mofika pamwamba ndi pansi. Wapopa ka 40. Kamera yasuzumira mu ndowa, madzi sanafike ngakhale theka. Mjigo wabwino ukapopedwa chotere umatsala pang'ono kudzaza ndowa imeneyi, choncho apa madzi akuthawira penapake.

0:45. Pa thumba loyera loyala pansi pali sipanala ya 24, chida chowedzera futuvavu chokhala ndi ngowe kumapeto, mabushi 4 apulasitiki, yusili yatsopano, mabobini 2, kalabala kozungulira ka futuvavu, beseni la madzi oyera ndi sopo. Yusili ndi labala yozungulira pulanja, kachipangizo kokweza madzi. Futuvavu ndi kachipangizo ka pansi penipeni koletsa madzi kubwerera m'chitsime. Bobini ndi kalabala kotsegula ndi kutseka njira ya madzi m'kati mwa pulanja ndi futuvavu, ndipo mabushi amakhala pa mapini a handulo. Onse atatu akusamba m'manja. Chilichonse chimene agwire chibwerera m'madzi akumwa, n'chifukwa chake wojambula wakhalitsa pamenepa.

1:10. Makanika wamasula bawuti imodzi ya chivundikiro n'kuchichotsa. Mayi watsitsa handulo mpaka pansi, ndipo hang'ala, chitsulo chimene marodi onse, ndodo zachitsulo zotsikira m'chitsime, alenjekekapo, yakwera n'kuonekera. Makanika akumasula manati awiri a pini ya hang'ala, kenako awiri a pini yaikulu imene handulo imazungulirapo. Onetsetsani kuti akungowafewetsa, sakuwachotseratu. Mapiniwa amatuluka m'mipata yotseguka, ndiye kuchotsa nati n'kungodziputira ntchito yoifunafuna m'matope.

1:50. Apa imitsani vidiyo, aliyense aone bwino. Makanika walowetsa mpini wa sipanala pa bowo la pamwamba pa hang'ala. Mayi akukweza handulo pang'onopang'ono, hang'ala ikutsika, mpaka sipanala yakhazikika m'timipata tiwiri ta pamutu pa mjigo. Tsopano kulemera konse kwa marodi kuli pa sipanala. Pamenepo m'pamene akusolola handulo chopingasa, mmodzi atagwira kumapeto, wina akulandira pini ndi mabushi kuti zisagwe. Akasolola handulo asanapachike hang'ala, marodi amatsika mwamphamvu ndipo zala zimene zili pafupi zimapanikizika.

2:30. Kamera yayandikira bushi lakale lili pachikhatho. Mbali imodzi yadyeka, yapyapyala kuposa inzake, ndipo pali mng'alu. Limeneli ndi lomwe limachititsa handulo kugwedera cham'mbali ndi kulira. Likasiyidwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, pini n'kuwonongeka.

2:50. Ayamba kutulutsa marodi. Awiri akweza hang'ala pamodzi ndi rodi yoyamba mpaka mfundo yaonekera. Mayi wachiwiri wagwira rodi yapansi ndi manja awiri, pansi pa mfundoyo, ndipo sakusiya mpaka makanika atakolowola ngowe ya rodi yapamwamba. Palibe nthawi imene rodi yapansi yakhala yopanda dzanja. Ikapulumuka imagwera pansi pa chitsime pamodzi ndi zotsala zonse, ndipo kuiwedza ndi ntchito ya tsiku lina. Rodi iliyonse ndi yotalika mamita 3 ndipo ili ndi kalabala koiteteza kuti isakhule paipi. Akuzigoneka pa mitengo iwiri yopingasa, osati pa dothi, motsatana ndi mmene zatulukira. Vidiyo yathamangitsidwa kuyambira rodi yachitatu. Zonse zatuluka 8. Pa yachisanu kalabala kadyeka mbali imodzi, makanika akukaloza n'kukasintha.

4:05. Kumapeto kwa rodi yomaliza kwatuluka pulanja, kachipangizo koyera kapulasitiki. Makanika waizunguza pamaso pa kamera. Yusili, labala yakuda yozungulira pulanja, yasalala ndipo mlomo wake wang'ambika malo amodzi. Vuto lija ndi limeneli: pulanja ikamakwera, madzi amadutsa m'mbali n'kubwerera pansi m'malo mokwera nayo.

4:25. Wafinya yusili yakaleyo ndi zala mpaka yatukuka, n'kuivula. Sanagwiritse mpeni, poti ukakanda pulanja madzi amapeza njira pa chipseracho. Watsuka mpata wake m'beseni, waviika yatsopano m'madzi, n'kuiveka ndi zala zazikulu.

4:50. Chithunzi chaima masekondi 5, ndipo mbali yofunika kwambiri ya vidiyo yonse ndi imeneyi. Yusili ili ndi kangalande mbali imodzi. Kangalandeko kayang'ana kumwamba, kumene kuli marodi. Madzi akalemera pamwamba amalowa m'kangalandemo n'kutambasula mlomo wa labala kuti ugwire khoma la silinda, paipi imene pulanja imayendamo. Mukaiveka chadodolido, madzi amaupinda mlomowo n'kudutsa, mjigo n'kumatulutsa madzi ochepa ngati kale ngakhale labala ndi yatsopano. Makanika wayendetsa chala kuzungulira, kuonetsa kuti siinapotoke paliponse. Kenako wakankha bobini yakale kuichotsa m'kati mwa pulanja, waika yatsopano, wagwedeza pulanja, ndipo bobini ikuoneka ikusewera momasuka.

5:20. Amanga chida chowedzera kumapeto kwa rodi n'kutsitsanso marodi onse. Makanika akuzunguza pang'ono, wakoka, ndipo mapewa ake akuonetsa kuti chakola. Vidiyo yadumpha, futuvavu yatuluka. Asintha bobini yake ndi kalabala kozungulira. Yusili inali itaoneka kale kuti ndiyo yolakwa, komabe achita bwino kutulutsa futuvavu pomwe marodi ali panja, chifukwa ikamadontha madzi amatsika usiku ndipo woyamba kutunga m'mawa amapopa nthawi yaitali asanaone kanthu.

5:55. Atsuka futuvavu n'kuiponya m'paipi, mbali yokolera ngowe ili kumwamba. Marodi akubwerera limodzilimodzi, pulanja patsogolo, lililonse likupukutidwa ndi nsalu yonyowa lisanalowe. Atafika pansi makanika wakankha marodi mosamala kuti futuvavu ikhale pamalo pake, n'kuwakwezanso, kupachika hang'ala pa sipanala monga poyamba.

6:25. Mabushi atsopano alowa, awiri pa hang'ala, awiri pa pini yaikulu. Handulo yabwerera. Kamera ikuonetsa timano ta mabushi ndi ta mapini titalowa m'mipata yake manati asanamangidwe. Wojambula wathamanga pano, choncho bwezani kawiri. Timanoti tikaphonya, bushi limazungulira pamalo polakwika n'kutha msanga. Mayi watsitsa handulo, sipanala yamasuka n'kuchotsedwa, manati onse 4 amangidwa zolimba, chivundikiro chatsekedwa.

6:50. Apopa kwa kanthawi madzi oyamba akutayikira m'ngalande. Kenako ndowa ija yabwerera yopanda kanthu, mayi yemwe uja wapopanso ka 40, ndipo madzi afika pafupi ndi mkombero. Handulo sikugwederanso cham'mbali. Pa 7:05 mayi wachiwiri akuoneka akulemba m'kope la komiti tsiku ndi zipangizo zimene zasinthidwa: yusili 1, mabobini 2, mabushi 4, kalabala ka futuvavu 1 ndi ka rodi 1. Vidiyo yathera pa tsamba limenelo.