Ndondomeko ya masewera olimbitsa mikono, msana ndi mimba ya masabata 8

Achimwene, iyi ndi ndondomeko ija ndinakulonjezani titaonana Lachitatu. Ndailemba poganizira kuti munavulala msana pa fupa la T10, la chapakati pa msana, kuti patha zaka 2, ndipo mikono yanu ilibe vuto. Munati mukufuna muzikwera nokha chitunda chopita kutchalitchi, mwana asamakukankheni, komanso muzitha tsiku pa benchi yokonzera mafoni msana osawawa. Zonsezi ndi zotheka.

Mfundo imodzi muisunge: muzikoka kwambiri kuposa kukankha. Mukamapalasa njinga yanu ya olumala, mukamachoka pabedi kupita panjinga, mumagwiritsa ntchito minofu ya pachifuwa ndi ya kutsogolo kwa phewa, tsiku lonse, tsiku lililonse. Minofu ya kumbuyo, ya pakati pa mapewa, imangokhala. Mapeto ake mapewa amapindikira kutsogolo, mnofu wa mkati mwa phewa n'kumapanikizika mukakweza mkono. Ndaona anthu amphamvu zawo atasiya kutuluka m'nyumba chifukwa cha phewa lokha, ndipo zimandipweteka mtima, popeza zimapeweka. N'chifukwa chake pano muona masewera okoka ambiri, okankha amodzi okha.

Zipangizo zake muli nazo kale. Pezani chubu chakale cha njinga kwa okonza njinga, muchidule malegeni awiri, lina lalikulu m'lifupi, lina lopyapyala. Mutengenso mabotolo awiri a lita imodzi. Lodzaza madzi limalemera kilogalamu imodzi, mukathiramo mchenga limaposa pamenepo. Chitenje cha alamu chikhala lamba womangira m'chiuno ku mpando.

Musanayambe, pitani mukataye madzi kuchimbudzi, mangani mabuleki onse awiri, ndipo timatayala takutsogolo tiloze kutsogolo kuti njinga isagudubuke mukawerama. Kenako tenthetsani thupi mphindi 5: kupalasa pang'onopang'ono pakhonde, kuzunguza mapewa chakumbuyo ka 10, kutambasula mikono.

Lolemba ndi Lachinayi: mphamvu

Masewera alionse muchite ka 10, mupume mphindi imodzi, mubwereze. Masabata 2 oyamba bwerezani kawiri, kuyambira sabata lachitatu katatu.

1. Kukokera pamimba. Mangani legeni lalikulu pa mzati wa khonde, molingana ndi chifuwa. Yang'anani mzatiwo, kokani mpaka zigongono zidutse nthiti, mafupa a mapewa akumane kumbuyo ngati mukufuna kupana pensulo pakati pawo. Gwirani masekondi 2, bwezani mosathamanga. Mapewa asakwere kumakutu. Awa ndiwo masewera aakulu pa onse. Tsiku limene mwatopa kapena makasitomala akudikira, chitani awa okha.

2. Kukokera pansi. Legeni likhale pamwamba, pa mtanda wa denga umene mwautsimikiza kuti ndi wolimba. Kokani kuchokera pamwamba mpaka pachifuwa, osati kumbuyo kwa khosi. Minofu imeneyi ndi imene imakunyamulani posamukira pabedi.

3. Kutembenuzira mkono kunja. Tengani legeni lopyapyala. Chigongono chikhale chopinda, chitagundana ndi nthiti, mutapana kathaulo kopinda m'khwapa. Tembenuzirani dzanja kunja ngati mukutsegula chitseko, chigongono osachoka pamalo. Amaoneka ngati masewera a ana, ndipo amuna ambiri amawadumpha. Inu musawadumphe. Timinofu tinayi timene timagwira mutu wa fupa la mkono kuti usasunthe m'malo mwake timalimba ndi zoterezi, osati ndi zitsulo zolemera. Chitani ka 15 mkono uliwonse.

4. Kutambasula legeni. Ligwireni ndi manja onse patsogolo panu, mulikoke kumbali zonse mpaka likhudze chifuwa.

5. Kukankha. Legeni lidutse kumbuyo kwa mpando, mukankhire manja kutsogolo.

6. Mabotolo. Pindani zigongono kukweza mabotolo kufika kumapewa. Kenako akwezeni chammbali, zala zazikulu zikuloza kumwamba, mulekezere pamene mkono walingana ndi phewa.

Tsopano za mimba, ndipo apa tilankhulane zoona. Pa T10, minofu ya pamwamba pa mchombo imamva, ya m'munsi ayi. Sitikudzutsa imene inagona. Tikulimbitsa imene ilipo kuti izigwira thupi mukamatola sikuludilaiva pansi kapena mukamatsika kamtsetse. Mangani chitenje m'chiuno, osathinitsa.

7. Chotsani msana pa chotsamira, mukhale chilili manja ali pa maondo, masekondi 10. Zikayamba kuphweka, kwezani dzanja limodzi, kenako onse awiri. Cholinga ndi kufika masekondi 30.

8. Legeni likhale pambali panu. Ligwireni ndi manja onse pachifuwa, muwongolere mikono kutsogolo. Lidzafuna kukupotozani, inu kanani, masekondi 5, ka 6 mbali iliyonse.

9. Weramirani pang'ono kumanja, mubwerere pakati osadzikoka ndi dzanja, kenako kumanzere. Poyamba wina aime pafupi.

Pochita zonsezi musabanike. Tulutsani mpweya pamene mukukoka kapena kukankha. Mukatha ka 12 mosavuta masiku awiri otsatizana, fupikitsani legeni kapena thirani mchenga m'botolo, koma sinthani chinthu chimodzi pa sabata.

Lachiwiri ndi Loweruka: mpweya

Pitani pabwalo la sukulu lija lathyathyathya, m'mawa dzuwa lisanakwere. Kunsi kwa pamene munavulala thupi silituluka thukuta bwino, ndiye kutentha kwa Okutobala musakuderere. Nyamulani madzi akumwa ndi kansalu konyowa. Popani matayala, chifukwa tayala lofewa limadya mapewa.

Sabata loyamba palasani mphindi 10. Onjezerani mphindi 2 sabata lililonse, kuti pofika lachisanu ndi chimodzi mukhale pa 20. Liwiro lake likhale loti mukupuma mwamphamvu koma mutha kuyankha moni. Palasani motalikitsa: yambirani dzanja kumbuyo, likankheni mpaka kutsogolo, libwerere lili m'munsi mwa chitsulo chopalasira. Kumenya tayala pafupipafupi kumatopetsa dzanja ndi phewa pachabe. Tsiku la mvula, matope atatseka njira, khalani m'nyumba muziponya nkhonya m'mwamba mphindi imodzi, kupuma theka la mphindi, ka 10.

Chitunda chija musachikhudze mpaka sabata lachisanu. Mukayamba, kwerani gawo limodzi mwa magawo atatu, mwana ali kumbuyo osagwira, mutaweramira kutsogolo kuti njinga isagadabuke. Bungwe la World Health Organization mu 2020 linalangiza kuti akuluakulu aulumali azifika mphindi 150 pa sabata, ndi masiku awiri a masewera a mphamvu. Tidzafikako, koma osati m'masabata 8 ano.

Pomaliza tsiku lililonse, wongolani chifuwa: ikani mkono pa felemu ya chitseko, mutembenuze njinga pang'ono mpaka mumve kukoka, masekondi 30 mbali iliyonse.

Khungu musaliiwale. Mphindi 30 zilizonse weramirani kutsogolo, chifuwa pa maondo, kwa mphindi 2 kuti magazi ayende kumatako. Ndimakonda njira imeneyi kuposa kudzinyamula ndi mikono, chifukwa siilemetsa mapewa. Madzulo dziyang'aneni ndi kagalasi. Mukaona malo amene asintha mtundu ndipo sakubwerera, lekani masewera okhala pansi, mubwere tionane. Kuphwanya kwa minofu kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kwabwinobwino, koma ululu wobaya m'phewa, kapena wokudzutsani usiku, ndi chizindikiro choti musiye. Chifuwa chikathina, chizungulire chikakugwirani, kapena mwendo umodzi ukatupa ndi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Lembani m'kope tsiku, mphindi zimene mwapalasa ndi mmene phewa likumvekera. Mubwere nalo kopelo kumapeto kwa sabata lachinayi, pamodzi ndi malegeni anu, ndidzaone mmene mukukokera.