Kalata yodandaula za mafiriji awiri owonongeka: sinthani kapena bwezani ndalama pofika pa 24 Malichi

Yeoville, Johannesburg
Lolemba, 10 Malichi 2025

Kwa achimwene eni shopu ya mafiriji ndi mastovu m'tauni,

Ndikhulupilira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndi mayi uja wa shopu ya zakudya zakumudzi kuno ku Yeoville, amene ndinagula madipu firiza awiri kwa inu Loweruka pa 8 Febuluwale. Ndaona kuti ndilembe kalata chifukwa pa foni zikukanika, ndikaimba simukuyankha, ma meseji a pa WhatsApp mukuwerenga ndithu koma zii, ndipo ndikabwera ku shopu anyamata anu amangoti bwana atuluka pang'ono. Nde kalatayi ndikusiyirani pamanja ku shopu konko, wolandira asaine pa kope yanga, ina ndikutumizirani pa WhatsApp kuti mawa pasadzakhale zoti sindinaione.

Tiyambe ndi ndalama kuti tisasiyane mawerengedwe. Firiji iliyonse munandigulitsa R6,800, awiri R13,600, kuphatikiza R450 ya baki yomwe inabweretsa, zonse pamodzi R14,050. Ndinalipira kudzera ku banki tsiku lomwelo ndili mu shopu mwanu momwemo, umboni ndili nawo komanso lisiti yomwe munalemba ndi dzanja lanu ndili nayo. Pa lisitipo munalemba nokha kuti ndi atsopano. Ndinafunsanso pakamwa kuti achimwene awa si okonzedwa awa? Munati ayi mlongo wanga, angotsika kumene, makatoni okha ndi amene ananyowa ndi mvula nde tinataya. Ine ndinakhulupilira.

Tsopano imvani mmene akuchitira. Yoyamba ija sinaumitsepo chinthu bwinobwino chiibweretsereni. Kompuresa imangolira usiku ndi usana osapumira, m'mbali mwake kutentha moti sungagwire nthawi yaitali, koma mkati nyama ili lobodo, madzi a magazi kumadikha pansi. Ndinachita kugula kachoyezera kuzizira nkukaika mkatimo usiku onse, mmawa kanaonetsa 4 digiri. Firiji yosungira nyama ndi nsomba imayenera kufika -18, izi ngakhale inu mukuzidziwa kuposa ine poti ndi bizinesi yanu. Ma yunitsi a magetsi nawo akutha ngati ndatsegula fakitale. Yachiwiri inayamba bwino sabata yoyamba, kenako inayamba kugwetsa magetsi, ukangolowetsa pulagi switchi yaikulu phwa, nyumba yonse mdima mpaka ma tenanti akumbuyo, moti alandilodi anandiuza maso ndi maso kuti ndikaiyatsanso ndisake malo ena. Labala wa pa chitseko chake anamatuka pakona, ndipo pomatukapo pakuoneka guluu wakale.

Ndinakuuzani nthawi yomweyo, ndinatumiza zithunzi ndi vidiyo. Lachitatu pa 19 Febuluwale munatumiza mnyamata wanu, anathira gasi mu yoyamba ija, yachiwiri anangosintha pulagi basi, nkuti zatheka amayi. Sabata sinathe vuto linabwerera lomwe lija. Pamenepo nkuti nditadzazamo katundu podalira mawu ake, chambo chomwe ndinachita kuitanitsa kumudzi, nkhuku, mang'ina ndi nthumbwana zomwe makasitomala anali ataoda kale za kumapeto a mwezi. Zonse zinanunkha, ndinataya katundu wa R3,200. Achimwene inu mukudziwa mmene chambo chimavutira kuti chifike ku Joni, ulendo wa basi kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, munthu ukupemphera kuti asachedwe pa boda, ndiye chifike bwinobwino nkudzaonongekera mu firiji yoti ndagula yatsopano? Zinandiwawa kwambiri ndipo mpaka pano zikundiwawabe. Makasitomala ena ndinawabwezera ndalama zawo, ena anangosiya kubwera, ndipo kasitomala akazolowera shopu ina kumubweza ndi ntchito.

Voisi noti yomaliza yomwe munanditumizira munati vuto ndi kuthimathima kwa magetsi, akuti ndi Eskom yaotcha. Ayi achimwene, pamenepo ndikukana. Zoona magetsi anathimako masiku ena mu Febuluwale, koma yoyamba ija inali isakuumitsa kale magetsi ali bwinobwino, ndipo firiji yanga yakale yomwe ndakhala nayo zaka ili mu shopu momwemo, magetsi ake omwewo, ikugwira ntchito mpaka lero osadandaula. Magetsi amasankha firiji yoti aotche?

Chifukwa cha mawu amenewo ndinaitana munthu wina wokonza mafiriji, woti sakukudziwani inu komanso si mbale wanga, anabwera Lachiwiri pa 4 Malichi ndipo ndinamulipira R350. Atatsegula kumbuyo anandionetsa ndi maso angawa. Pa yoyamba paipi ya gasi inawotcheredwapo kale malo awiri ndipo pamodzi pakudontha, nchifukwa chake gasi wa mnyamata wanu sanakhalitse, kuthira gasi osatseka podontha nkungotaya nthawi. Kompuresa yake ndi yakale, ya dzimbiri kunsi, mabauti ake osiyana ndi mabowo. Pa yachiwiri anapeza kuti mawaya a mkati mwa kompuresa akugunda bodi, nde switchi imagwa kuti iteteze anthu, ndipo anandichenjeza kuti ndisaigwiritsenso ntchito chifukwa itha kugwira munthu. Mu shopu muno mumalowa ana akamachokera ku sukulu kudzagula mafirizesi, amatsamira pa firiji pomwepo, tangoganizani. Kapepala ka nambala ya firiji kumbuyo kanachita kupalidwa pa onse awiri. Iye walemba zonsezi pa pepala nkusaina. Mwachidule, mafiriji amenewa ndi akale okonzedwa nkupentedwa, ndipo ine ndinalipira mtengo wa atsopano.

Kaya munadziwa kaya nanunso anakupusitsani kumene mumaoda, zimenezo mukathane nawo nokha kumeneko. Ine ndinagula kwa inu.

Ndipo musandiuzenso za chidindo chili pansi pa lisiti chija choti ndalama sizibwezedwa. Ndafufuza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, nambala 68 ya 2008. Gawo 55 limati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wogwira ntchito yake komanso wopanda chilema. Gawo 56 limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 chimulandilireni, wogula atha kumubweza popanda chilango, mtengo wonyamula ndi wa wogulitsa, ndipo amene amasankha pakati pa kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama ndi wogula, osati wogulitsa. Gawo lomwelo limanenanso kuti ngati wogulitsa wakonza koma pasanathe miyezi 3 vuto nkubwereranso, basi zokonza zatha, asinthe kapena abweze ndalama. Ife apa mwezi umodzi wangokwana kumene ndipo kukonza munayesa kale pa 19 paja zinakanika. Chidindo cha pa lisiti sichingafute lamulo, ndipo lamuloli silifunsa kuti wogula ndi wa dziko liti.

Nde chomwe ndikufuna ndi ichi, ndipo zokonzanso sindikufuna, mnyamata wa gasi asabwerenso. Mundibweretsere madipu firiza awiri atsopano enieni a saizi yomweyo, ali m'makatoni osatsegula, kapepala ka nambala kali pompo komanso pepala la galanti ya kampani yopanga lili mkati, tidzatsegule limodzi, tiyatse, ndipo ndidzasaina kuti ndalandira pokhapokha akagona usiku umodzi nkufika -18. Ngati zimenezo simungakwanitse, ndibwezereni R14,050 yanga yonse mu akaunti yomwe ndalama zinachokera, ili pa umboni wa ku banki womwe ndaphatikiza. Njira iliyonse mwa ziwirizi muonjezerepo R350 ya wokonza uja poti ndinamuitana chifukwa inu munakana vuto. Mafiriji anuwa mudzatenge ndi baki yanu pa mtengo wanu, ndawazimitsa, ndawatsuka, angokhala apa kudya malo a renti. Zolipira pang'onopang'ono ayi, ine sindinapereke pang'onopang'ono, komanso zoti nditenge stovu kapena TV m'malo mwake musayambe nkomwe, ndimagulitsa nsomba ine.

Ndikukupatsani masiku 14, kutanthauza pofika Lolemba pa 24 Malichi 2025, 5 koloko madzulo. Kumbukirani kuti Lachisanu pa 21 ndi holide, nde musadikire mpaka kumapeto nkudzati mabanki anatseka kapena dalaivala kulibe. Ndikupempha mundiyankhe molemba pofika Lachisanu lino pa 14 kuti mwasankha chiti, meseji ya pa WhatsApp ndi yokwanira, koma voisi noti ayi.

Za R3,200 ya katundu woonongeka uja, ndalingalira, ndipo ngati mukonza nkhaniyi pofika pa 24 ndiisiya, ndiluza ine, chifukwa cha ulemu. Koma tsikulo likadutsa popanda kanthu ndidzaiphatikiza, zonse zidzakhala R17,600, ndipo ndikapita ku Small Claims Court ku khoti la majisitireti. Kumeneko sikufuna loya, munthu umadziyankhulira wekha, ndipo chomwe amafuna poyamba ndi kalata ngati ino yopereka masiku 14, nde muitenge kuti ndi imeneyo. Ndikasiyanso dandaulo kwa Consumer Goods and Services Ombud komanso ku ofesi yoona za ogula ya boma la Gauteng. Sikuti ndikukuopsezani, ndikungofuna mudziwiretu kuti pasadzakhale kudabwa.

Achimwene, mashopu a mafiriji mu Joni muno ndi osawerengeka, ena otchipa kuposa inu, ku Fordsburg, ku Crown Mines, paliponse. Ine ndinabwera kwa inu dala chifukwa ndinu wakwathu, ndinati ndalama yanga idyedwe ndi Mmalawi mnzanga, tonse tinasiya ana ndi makolo kumudzi amene akuyang'ana kwa ife. R14,050 imeneyo sinali yongokhala, ndi ya chipereganyu chomwe ndinadikira nthawi yaitali kuti ifike nthawi yanga, ndipo mwezi ndi mwezi ndikuperekabe pomwe mafiriji ake sakundipangira olo R1. Akulu amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndi chifukwa chake mpaka lero sindinalembe dzina la shopu yanu pa gulupu ya Amalawi ngakhale amayi angapo andifunsa kuti mafiriji munagula aja ali bwanji, ndimangoti tikukambirana. Koma sindinganame mpaka kale, wina akafuna kudzagula kwa inu ndidzamuuza zomwe ndaona.

Ndaphatikiza kope ya lisiti, umboni wa ku banki, pepala la wokonza uja, zithunzi za paipi ndi kompuresa komanso ma meseji athu onse kuyambira pa 8 Febuluwale. Mukafuna kudzaona nokha bwerani, ndimatsegula 7 koloko mmawa mpaka 7 madzulo kupatula Lamulungu, nambala yanga ndi yomwe ija muli nayo.

Ndine mlongo wanu,
Mayi wa shopu ya zakudya zakumudzi, Yeoville