Kayikidwe ka GnuCash, pulogalamu yolembera mabuku a ndalama, pa makompyuta a ofesi ya kopaletivi ya alimi a mpunga, Nkhotakota

Kwa inu amene mukagwire ntchitoyi Loweruka. Mutenge fulashi ziwiri, mabatire a CR2032 anayi, sikuludiraiva ndi kabulashi kochotsera fumbi.

1. Musanayike kalikonse, dziwani kaye zomwe zili m'makinawo. Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
msinfo32
```

Lembani m'kope mtundu wa Windows ndi kukula kwa RAM. Ya a msungichuma, ya a manijala ndi ya kalaliki wa sitolo zili ndi Windows 10. Yapakauntala ija ili ndi Windows 7.

2. Yapakauntalayo muisiye. GnuCash 5 imafuna Windows 10 kapena 11, ndipo yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 3.11. A manijala akuchondereranitu kuti muyikepo yakaleyo, musalole. Buku limodzi likamatsegulidwa ndi mapulogalamu osiyana msinkhu chonchi, tsiku lina yakaleyo idzakana kulitsegula. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020. Apakauntala azilandira malipoti a PDF basi. Windows 10 nayonso inasiyidwa mu Okutobala 2025, choncho muwauze akomiti ayambe kuganiza za makina ena.

3. Zimitsani makinawo, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, tsegulani bokosi mupukute fani. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno, kompyuta yodzadza fumbi la deya wa mpunga imangozima yokha masana. Mukatero sinthani batire lija looneka ngati ndalama yachitsulo. Likatha, kompyuta imaiwala tsiku magetsi akangozima, ndipo kalaliki wothamanga amalemba malisiti a lero pa chaka china osazindikira. Mukayatsa, konzani tsiku ndi nthawi ndi `timedate.cpl`, kenako mu `intl.cpl` musankhe English (United Kingdom) kuti tsiku lizibwera mwezi usanabwere, monga timalembera kuno.

4. Koperani mafayilo onse a Excel a msungichuma pa fulashi yoyamba. Muitsegule pa kompyuta ina muone ngati akutsegukadi, kenako muipereke m'manja mwawo. Pa disiki ya kompyuta yawoyo yendetsani lamulo ili mu Command Prompt yotsegulidwa ndi Run as administrator:

```
chkdsk C:
```

Likanena kuti pali zolakwika, imani pomwepo mundiimbire.

5. Tsitsani pulogalamuyi kamodzi kokha ku gnucash.org, muyike pa fulashi yachiwiri. Ndi yaulere. Mukatero bandulo simuwononga katatu, ndipo makina onse atatu akhala ndi pulogalamu yofanana. Kuyikako sikuvuta: Next, Next, Install. Mukaitsegula koyamba ikhoza kuchedwa, musadinenso kawiri.

6. Buku likhala limodzi, pa kompyuta ya a msungichuma, chifukwa ndi yomwe yalumikizidwa ku UPS. Pangani foda `C:\Mabuku`. Mu GnuCash pitani pa File, New File. Pofunsa ndalama samalani, chifukwa ikhoza kudzisankhira GBP potsatira zomwe munasintha mu `intl.cpl`. Sankhani MWK. Mayina a maakaunti asankhe a msungichuma atakhala pambali panu, ntchito imeneyo si yanu. Sungani fayilo ngati `kopaletivi.gnucash`.

7. Gawani fodayo pa netiweki ya muofesi (Properties, Sharing), kalaliki akhale ndi chilolezo cholemba, a manijala chowerenga chokha.

Apa ndi pomwe muyenera kukhala nawo pansi onse atatu. GnuCash silola anthu awiri kulemba m'buku limodzi nthawi imodzi. Wina akalitsegula, pambali pa fayilo pamabadwa kafayilo kothera ndi `.LCK`, ndipo wachiwiri amaona uthenga wokhala ndi mabatani angapo. Awonetseni ndi maso: tsegulani buku kwa a msungichuma, kalaliki ayese kutsegula kwake. Iye adine Open Read-Only. Akadina Open Anyway mnzake ali mkati, amene asunge pomaliza afafaniza ntchito ya mnzakeyo. Batani limeneli ndi la nthawi imodzi yokha: magetsi atazima pulogalamu ili yotsegula, kafayilo kaja n'kutsalira, ndipo mwafunsa ofesi yonse kuti palibe ali m'bukumo. Agwirizane nthawi: kalaliki m'mawa, a msungichuma masana. Mulembe papepala, mumate pakhoma.

8. Yesani. Lembani malonda ongoyerekeza a K50,000, sungani, tsekani, mutsegule pa kompyuta ina muone ngati akuoneka, kenako muwafufute.

9. Mufodamo muziona mafayilo ambiri okhala ndi manambala a tsiku ndi nthawi. Amenewo ndi makope omwe pulogalamu imadzisungira yokha, wina asawafufute poti akusesa. Koma ali pa disiki yakale yomweyo, ndiye Lachisanu lililonse a msungichuma azikopera foda yonse pa fulashi n'kupita nayo kunyumba. Achite okha kamodzi inu mukuona musanachoke.