Mawu a Mkulu wa Labotale ku Bodi ya Chipatala: Pempho Lokweza Bajeti ndi 18 Peresenti

Zikomo a Wapampando. Mamembala a bodi, a Dokotala wamkulu, a Matroni, a mkulu wa zachuma, ndikupatsani moni nonse. Mwandipatsa mphindi 10, choncho ndipite pa nkhani.

(Tsamba loyamba pa sikirini)

Bajeti ya labotale ndi 400 miliyoni, ndipo yakhala pomwepo zaka ziwiri. Ndikupempha kuti chaka chamawa ikhale 472 miliyoni. Ndalama yoonjezerayo ndi 72 miliyoni, kapena kuti 18 peresenti. Ndikudziwa kuti nthambi zina mwaziuza kuti zisapitirire 10 peresenti, ndiye muli ndi ufulu wonse wondifunsa kuti labotale yasiyana pati ndi anzake.

Yankho langa ndi ili. Gawo lalikulu la ndalama imeneyi chipatala chikulipira kale. Kungoti sikuoneka pa tsamba la labotale. Ikutuluka kudzera ku thumba la zadzidzidzi, ku zokonzetsa, ku malipiro a ovataimu, ndipo ikutuluka pa mtengo wokwera kuposa umene tikanalipira tikanakonzekera.

(Tsamba lachiwiri)

Tiyambe ndi kuchuluka kwa ntchito. Chaka chimene munaika 400 miliyoni ija tinayeza maulendo 96,000. Chaka chatha tayeza maulendo 118,000, kukwera ndi 23 peresenti. Chakweza si china ayi, ndi wodi yatsopano ya amayi oyembekezera ndi kiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zimene bodi ino inavomereza, ndipo inachita bwino. Koma paja walira mvula walira matope. Mayi aliyense wofika pa wodi ija amafunika kumuyeza kuchuluka kwa magazi ndi gulu la magazi ake. Wodwala shuga aliyense amafunika kumuona impso. Onsewo amathera pa benchi yathu.

Tigawe pamodzi. 400 miliyoni pa maulendo 96,000, ndiye kuti kuyeza kumodzi kumadya pafupifupi 4,170. Mukativomereza 472 miliyoni, ntchito n'kukhala yomweyi ya 118,000, kuyeza kumodzi kudzadya 4,000 ndendende. Ndiye kuti ngakhale mutatipatsa zonse zimene ndapempha, tidzakhalabe otchipirapo kusiyana ndi zaka ziwiri zapitazo.

(Tsamba lachitatu)

Ndalama yoonjezerayi ndaigawa pasanu. 30 miliyoni ndi ya mankhwala oyezera, marijenti aja, pamodzi ndi makontirolo otsimikizira kuti makina akuyeza molondola. Apa palibe zambiri zonena: ntchito yakula, mankhwala akutha msanga, ndipo ambiri mwa iwo amagulidwa ndi ndalama zakunja.

Pamene ndikufuna tiimepo ndi pa 16 miliyoni ya mgwirizano wosamalira makina athu awiri akuluakulu, owerenga maselo a magazi ndi oyeza mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito. Mgwirizanowu tinauleka pofuna kupulumutsa ndalama. Chaka chatha makina a impso ndi chiwindi anakhala osagwira ntchito masiku 47. Chinafa ndi kapampu kamodzi, koma poti tinalibe mgwirizano, injiniya anayamba wathandiza amene ali nawo, ife n'kumadikira. Kukonzetsa mwadzidzidzi makina awiriwo chaka chonse kunatidyera 11 miliyoni. M'masiku amenewo, komanso nthawi zina pamene marijenti anatha, tinatumiza masampulo 2,000 ku labotale ina, ndipo bilu yake inakwana 21 miliyoni. Ndiye kuti sampulo imodzi 10,500, pamene tikayeza tokha sipitirira 3,500. Katatu konse. Tinasiya kulipira 16, tinalipira 32.

Ndalama pambali kaye, ndinene zimene masiku 47 amatanthauza kwa wodwala. Dokotala akafuna kupereka jentamaisini kwa masiku angapo amafunika kudziwa kiriyatinini, muyezo woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa mankhwalawa amatha kuononga impso. Wodwala amene potaziyamu wakwera kwambiri mtima ungamuimire mwadzidzidzi, pamene kunja akuoneka ngati wangofooka. Makina akakhala bwino yankho limatuluka pasanathe maola awiri. Tikatumiza kunja limabwera mawa lake, nthawi zina mkuja. Choipanso china, magazi akachedwa kusefedwa kapena akagwedezeka pa ulendo, maselo ofiira amatulutsa potaziyamu, ndiye nambala imabwera yokwera chonsecho wodwala alibe vutolo. Dokotala amakhala wadikira tsiku lathunthu kuti alandire yankho limene sangalikhulupirire.

Gawo lachitatu ndi 9 miliyoni ya mabatire, invata ndi firiji yatsopano yosungira magazi. Iyi ndi ya kamodzi, siidzabweranso chaka chinacho. Magazi oika odwala amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 6, ndipo akasungidwa bwino amakhala mpaka masiku 35. Akatuluka m'malire amenewo kwa nthawi yaitali, lamulo lathu ndi kuwataya, zilibe kanthu kuti akuoneka bwanji. Wina afunsa kuti jenereta ilipo kale nanga. Inde ilipo, koma imatenga kanthawi kuti idzuke, ndipo kanthawi komweko makina a GeneXpert amasiya ntchito pakati, katiriji imene timaikamo makhololo oyezedwa n'kutayika. Makina amenewa bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, ndipo amatiuza m'maola awiri ngati munthu ali ndi chifuwa chachikulu komanso ngati tizilomboto tikumva mankhwala a rifampisini. Katiriji ikatayika timabwerezanso, mwinanso kukapempha wodwala makhololo ena. Magazi, marijenti ndi makatiriji amene tinataya chaka chatha chifukwa cha magetsi ndi firiji yokalamba ndi a 7 miliyoni.

12 miliyoni ndi yolembera akatswiri awiri a labotale. Pakali pano usiku pamagona munthu mmodzi. Akakhala kuti akufananiza magazi a mayi amene akutaya magazi atabereka, sangaike pansi kuti akayeze malungo a mwana amene akukomoka. Amasankha yekha, pakati pa usiku, kuti ayambe ndani. Sindikufuna mnzanga aliyense azisenza chisankho chimenecho. Pofuna kutseka mipata tinalipira ovataimu ya 6 miliyoni, kwa anthu omwewo amene m'mawa mwake amayenera kukhalanso pa maikulosikopu.

Yotsala ndi 5 miliyoni ya mayeso ochokera kunja ndi maphunziro. Amatitumizira masampulo amene mayankho ake akuwadziwa kale, ife n'kuyeza, iwo n'kutichonga. Muyezo wa ISO 15189, umene malabotale a zipatala amayesedwa nawo padziko lonse, umafuna zimenezi. Ndiyo njira yotidziwitsa kuti makina ayamba kunama dokotala asanatulukire pa wodwala.

(Tsamba lachinayi)

Tsopano tiphatikize zimene zinatuluka kudzera m'matumba ena. Kutumiza kunja 21, kukonzetsa 11, zotayidwa 7, ovataimu 6. Pamodzi 45 miliyoni. A mkulu wa zachuma aziona nambala zimenezi, zachokera m'mabuku awo.

Sindikulonjezani kuti 45 yonseyo ibwerera. Pali mayeso ena amene tidzatumizabe kunja chifukwa ndi osowa, kugula makina ake sikungatipindulire. Mmene ndawerengera, kutumiza kunja kutsika kufika pa 6, tipulumutsa 15. Kukonzetsa kutsika kufika pa 2, tipulumutsa 9. Zotayidwa zifika pa 1, tipulumutsa 6. Ovataimu ifika pa 2, tipulumutsa 4. Zonse pamodzi ndi 34 miliyoni.

Ndiye chotsani 34 pa 72. Ndalama yeniyeni yatsopano imene chipatala chitulutse chaka chamawa ndi 38 miliyoni, yomwe ndi 9.5 peresenti ya bajeti yathu ya lero. Ili mkati mwa malire a 10 peresenti amene munaika. Chaka chotsatira, za mabatire ndi firiji zitachoka, idzakhala 29 miliyoni.

Pali phindu lina limene dala sindinaliike m'masamu amenewa. A Matroni ndi anamwino awo anawerenga masiku amene odwala anagona m'wodi akungodikira zotsatira kuti atulutsidwe kapena apite ku fiyeta, ndipo anapeza masiku ngati 900. Tsiku limodzi la bedi limatidyera 20,000, ndiye kuti 18 miliyoni. Sindinaiwerengere chifukwa bedi likasiyidwa pamabwera wodwala wina, ndalamayo siibwera m'manja mwathu. Chimene timapeza ndi malo. Masiku 900 ndi odwala 180 ogona masiku asanu aliyense, popanda kumanga wodi ina.

Chimodzimodzi mankhwala opha mabakiteriya. Dokotala akasowa yankho amapereka mankhwala amphamvu kuti aphimbe mbali zonse, ndipo sindimuimba mlandu, wodwala ali pamaso pake. Koma mankhwala otere ndi odula, ndipo tikamawagwiritsa ntchito mopitirira tizilombo timasiya kuwamva. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Gawo lathu pa nkhani imeneyi ndi kuuza dokotala msanga kachilombo kamene kalipo ndi mankhwala amene angakaphe.

(Tsamba lachisanu)

Ku komiti ya zachuma kunabwera funso labwino: bwanji osangotseka mbali ya impso ndi chiwindi n'kumatumiza zonse kunja? Mayeso a mbali imeneyi timapanga 26,000 pa chaka. Tokha, pa 3,500, ndi 91 miliyoni. Ngakhale atatitsitsira mtengo kufika pa 7,000 poona kuchuluka kwake, ndi 182 miliyoni, ndipo usiku ndi Lamulungu tidzakhala opanda chothandizira.

Funso lina linali loti, ndalama zikapanda kukwana, chichotsedwe n'chiyani? Ndiyankha poyera. Mgwirizano wa makina ndi za magetsi musakhudze, chifukwa ndi zimene zikubweza 30 mwa 34 miliyoni ija. Mukadula marijenti, adzatha chaka chisanathe ndipo tidzabwerera ku 10,500 pa sampulo. Chimene ndingalole n'kulemba katswiri mmodzi m'malo mwa awiri. Pempho litsika ndi 6 miliyoni, koma dziwani kuti mausiku ena padzakhalabe munthu mmodzi, ndipo ovataimu siitsika mmene ndanenera. Ine sindikulimbikitsa njira imeneyo.

Ndipo musangonditenga pa mawu. Miyezi itatu iliyonse ndizibweretsa kuno tsamba limodzi loonetsa masiku amene makina anaima, ndalama zimene zapita ku labotale zakunja, ndi nthawi imene mayeso achangu akutenga. Ndikudzimanga kuti makina asaime masiku opitirira 10 pa chaka, bilu yakunja isapitirire 6 miliyoni, ndipo mayeso achangu 9 mwa 10 alionse azituluka pasanathe maola awiri. Zikakanika popanda chifukwa chomveka, mudzaunikenso bajetiyi pakati pa chaka.

Choncho a Wapampando, ndikupempha bodi kuti ivomereze bajeti ya labotale ya 472 miliyoni, 63 miliyoni yoonjezera ya chaka ndi chaka ndi 9 miliyoni ya kamodzi, komanso ilole kuti mgwirizano wa makina usainidwe mwezi woyamba wa chaka cha ndalama. Makoteshoni atatu ndi masitetimenti a bilu yakunja ali kumapeto kwa mapepala amene mwalandira. Zikomo, ndabweza kwa inu kuti tilandire mafunso.