Pepani amake Tadala, ndinakhala chete nthawi yaitali

Amake Tadala mnzanga,

Mwadzuka bwanji kumeneko ku Kamwendo? Nanga abambo akunyumba, Tadala ndi azing'ono ake ali bwanji? Koma makamaka ndikufunsa za mayi. Agona bwanji usiku wapitawu? Akutha kudya kaphala? Kuno ku Santhe tadzuka, kungoti chisanu cha June chino chafika ndi ukali, ana akumapita kusukulu akunjenjemera. Yamikani anadwalako chifuwa sabata yatha koma pano ali bwino.

Pepani mnzanga. Pepani kwambiri. Lero akwana masabata asanu chinditumizireni uthenga woyamba uja, ine osayankha ngakhale liwu limodzi. Sindikunamizani kuti foni inawonongeka kapena kuti ndinalibe bandulo. Foni ili bwinobwino. Mauthenga anu onse ndinkawaona akulowa, ndipo ulendo uja munaimba katatu Lamulungu madzulo, foni inali m'manja mwangamu. Ndinangoiyang'ana ikulira mpaka inaleka yokha. Inunso ndikudziwa munaona timizere tabuluu tija pa WhatsApp, munadziwa kuti ndawerenga.

Chimene chinanditseka pakamwa ndi manyazi. Ndi ngongole ija ya K150,000 imene munandibwereka mu December kuti ndigulire feteleza wobereketsa. Ndinakulonjezani ndi pakamwa pangapa kuti msika wa fodya ukangotsegulidwa, mabelo oyamba akangogulidwa, ndalama yanu ibwera. Ndiye mabelo anapitadi kumapeto kwa April, asanu ndi limodzi. Atatu anabwezedwa. Anati fodya wachita chuku, ndipo sananame, vuto linali lathu. Tinadinda mothamanga fodya asanaume bwino mitsitsi, chifukwa galimoto imene tinapangana nayo inali itafika kale ndipo abambo a Yamikani sanafune kuti itisiye. Komanso chigafa chathu chinkadontha mbali imodzi mvula ya March ija, ife n'kumati palibe kanthu. Mabelo atatuwo tinachita kuwamasula, kuyamba kusankhanso tsamba limodzilimodzi, kutaya lowonongeka, kudindanso, n'kulipiranso galimoto kachiwiri. Atatu amene anagulidwa aja, atadula ngongole ya ku kalabu ndi zina zonse zimene amadula, chimene chinatsala sichinakwane n'kulipira komwe anyamata amene anatithandiza kuthyola ndi kusoka.

Ndiye uthenga wanu utalowa wakuti “Mnzanga muli bwanji, mwasowatu,” mtima wanga unangoti phaa. Ndinati basi, akufuna ndalama yawo. Ndinaganiza zodikira kaye mawa kuti ndiyankhe ndili ndi kenakake m'manja. Mawalo linafika ndilibe kanthu. Tsiku lililonse likadutsa, kuyankha kunkakulirakulira kulemera, chifukwa tsopano ndinayenera kupepesa ziwiri, ngongole ndi kukhala chete komwe. Ngakhale ku tchalitchi ndikamva wina akutchula za ku Mchinji ndinkangoweramitsa mutu.

Uthenga wa mawu uja munatumiza pa 28 May ndinaopa kuutsegula. Ndautsegula dzulo usiku, ana atagona. Amake Tadala, ndinalira. Mphindi zinayi zonse zija simunatchulemo ndalama ngakhale kamodzi. Munkandiuza kuti mayi anagwa pamtondo BP itakwera, kuti dzanja ndi mwendo wakumanzere sizikugwira, kuti mwagona masiku asanu ndi anayi pansi m'chipatala ku boma mukuwadikirira, ndipo munkangofuna munthu woti mulankhule naye usiku tulo tikakana. Munatinso mayi anafunsa kuti, “Kodi mwana wanga wa ku Santhe uja wamva?” Mawu amenewo andigoneka maso usiku wonse. Inu munkafuna mnzanu, ine ndili kalikiliki kubisala ngati mwanditumizira apolisi.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndinu amene munandichitira zija mu 2019 bambo anga atatisiya. Munasiya mtedza uli pamkukutu m'munda, n'kukwera matola usiku womwewo. Munakhala nafe kusiwa, munaphika, munatunga madzi, ndipo anthu onse atabalalika inu munatsalira masiku ena atatu mukugona nane pamphasa imodzi. Mayi anu omwewo ndi amene ankatiphikira futali tikamachokera kusukulu tili atsikana, osasiyanitsa kuti uyu ndi wanga, uyu ndi wa eni. Munthu wotere sindinayenera kumuganizira kuti akundisakira ndalama. Ndinakulakwirani pokhala chete, ndinakulakwiraninso pokuganizirani zimene mulibe. Ngati mwakwiya, muli ndi chifukwa, ndipo sindikukukakamizani kuti muyankhe lero.

Za ngongoleyo ndinene poyera kuti isakhalenso chinthu chondibisalitsa. Ndagulitsa soya matumba ena kwa mavenda pa msika pano. Mtengo wake sunandisangalatse, koma sindikanadikiranso. Panopa ndili ndi K90,000 m'manja, ndi yanu. K60,000 yotsalayo ndidzakupatsani mabelo tinadindanso aja akagulidwa. Tsiku sinditchula, poti kutchula tsiku n'kumene kunandigwetsa m'manyazi poyamba paja. Chimene ndikulonjeza n'chakuti zikavuta ndidzakuuzani ndekha, simudzachitanso kundisakasaka. Ndikudziwa kuti matenda ngati awa amadya ndalama, mayendedwe obwerera kuchipatala, mankhwala, zakudya za odwala, ndiye ngati ikufunika msanga ndiuzeni nditumize pafoni lero lomwe. Musandimvere chisoni pa zimenezi, ndalamayo ndi thukuta lanu la mtedza.

Koma ine ndikufuna kubwera ndekha. Loweruka likubwerali ndikwera galimoto yam'mawa, pofika nthawi ya nkhomaliro ndikhala nditatsika pa Kamwendo. Ndalankhula kale ndi abambo a Yamikani, avomera kuti ndikhale kumeneko mpaka Lachitatu, ndipo mlamu wanga aziyang'anira ana. Ndikufuna ndidzakulandireniko ntchito masiku amenewo, kuwasambitsa mayi, kuwatembenuza, kuchapa, kuti inu mugoneko tulo ndithu ngakhale usiku uwiri. Mumawu aja ndinamva kutopa kwanu. Ndinadwazikapo apongozi anga matenda omwewa, ndiye kuwongola dzanja ndi mwendo pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo monga anatiphunzitsira kuchipatala ndikukudziwa. Komanso mankhwala a BP aja asamadumphitse ngakhale tsiku limene akumva bwino, ndipo mchere muchepetse m'ndiwo zawo ngakhale adandaule, mayi ndimawadziwa ndi mchere.

Ndatenga ufa wamgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga wa phala lawo, nkhuku imodzi yachikuda, ndi mbatata ya kudimba kuja mumaikonda. Ngati pali china chimene chikusowa kumeneko, sopo kapena bulangeti la chisanuchi, nenani ndisananyamuke. Tadala mumuuze kuti sindinaiwale kuti chaka chino ndi cha mayeso a Fomu 4, alimbikire ngakhale pakhomo pali matenda.

Ngati Loweruka silikukomerani, kapena mtima wanu sunakonzeke kundiona, ndiuzeni mosabisa, ndimva. Foni ili pafupi nane, ndipo ikalira ndiyankha, kaya ndi pakati pa usiku. Mayi muwauze kuti mwana wawo wa ku Santhe wamva, wamva mochedwa chifukwa cha kupusa kwake, ndipo akubwera.

Moni kwa onse pakhomopo.

Ndine mnzanu,
Amake Yamikani