Phunziro 4: Kusankha sampulo ndi vuto la kukondera

Tiyerekeze kuti mwatumidwa kukafufuza kutalika kwa nthawi imene anthu a m'dera lina amayenda kuti akapeze madzi akumwa. M'deralo muli makomo 600, koma nthawi ndi ndalama zilipozo zikungokwanira makomo 60. Makomo 600 aja ndiwo gulu lonse limene mukufuna kulidziwa, ndipo 60 amene muwafikirewo ndiwo sampulo. Nkhani yagona pa mmene 60 amenewa asankhidwire.

Wofunsa akasiyidwa kuti asankhe yekha, kawirikawiri amalowa m'makomo a m'mbali mwa msewu, poti ndi osavuta kufikako. Nanga ngati mipope yambiri ili kumsewu komweko? Lipoti lidzati anthu sayenda mtunda wautali, chonsecho akutali sanafunsidwe n'komwe. Kumeneku ndiko kukondera: zotsatira zapendekera mbali imodzi chifukwa cha njira imene tatsata, ngakhale palibe amene wanama.

Pofuna kupewa zimenezi, yambani mwalemba mndandanda wa makomo onse ndi kuwapatsa manambala kuyambira 1 mpaka 600. Mukhoza kuchita maere n'kutola manambala 60. Njira ina ndi kugawa 600 ndi 60, zomwe zikutipatsa 10, yomwe ndi nambala yodumphira. Tolani mwamaere nambala imodzi kuyambira 1 mpaka 10. Ikatuluka 7, mufunsa khomo la 7, la 17, la 27, mpaka la 597. Khomo lililonse lakhala ndi mwayi wofanana, umodzi pa khumi. Koma mndandandawo ukhale watsopano, chifukwa wakale umasiya amene angosamukira kumene m'deralo.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaterereka. Mwafika pa khomo la 27 m'mawa, mwapeza potseka, ndiye mwangolowa pa khomo loyandikana nalo. Musatero. Mwina eni ake a khomo la 27 kulibe chifukwa chakuti apita kutali kukatunga madzi, kutanthauza kuti ndi anthu enieni amene kafukufukuyu akuwafuna. Lembani kuti simunawapeze, mubwerekonso nthawi ina, ndipo mu lipoti mutchule chiwerengero cha makomo amene sanayankhe. Samalaninso kafunsidwe. Funso loti "Madzi mumatunga pafupi, eti?" lamuuziratu munthu choyankha, funsani kuti "Mumayenda mphindi zingati kuti mukafike kotunga madzi?"

Ena amaganiza kuti kuchulukitsa ofunsidwa kumathetsa vutoli. Ayi ndithu. Mu 1936 ku America, magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulosera kuti Alf Landon apambana pa chisankho cha pulezidenti, koma Franklin Roosevelt ndi amene anapambana ndi mavoti ochuluka zedi. Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'kaundula wa eni galimoto, ndipo ambiri mwa amene anatumiziridwa mafunso sanayankhe. Sampulo yaikulu imachepetsa kusiyana kobwera mwangozi, koma makomo 300 a kumsewu akadali a kumsewu basi.

Ntchito: dera lina lili ndi makomo 450 ndipo mukufuna 50. Pezani nambala yodumphira, tolani poyambira mwamaere, kenaka lembani makomo asanu oyamba amene mukafunse.